Chofufuta ndi chosiya pa chithunzi cha malonda

Aliyense amene wadutsapo pa Lizulu m'boma la Ntcheu amaudziwa bwino msika umene wayala m'mbali mwa msewu wa M1, pomwe msewuwo uli ngati malire a Malawi ndi Mozambique. Pamsikapa pamakhala milu ya kabichi, tomato, anyezi ndi ndowa za mbatata ya kachewere yochokera m'madera okwera monga Tsangano. Wogula amene waima pamenepo amanyamula yekha mbatata, kuitembenuza, kuikanda ndi chikhadabo, kenaka n'kuyamba kunenerera mtengo. Paja amati malonda ndi m'maso.

Koma masiku ano ena mwa ogula katundu wotereyu safika pamsikapo. Mwini chiwaya cha tchipisi ku Ndirande kapena mwini malo odyera ku Area 25 amaona chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo katunduyo amamupeza pa galimoto. Kwa wogula wotere, chithunzi ndicho chimagwira ntchito ya maso ndi ya manja omwe. N'chifukwa chake amalonda ambiri ayamba kuphunzira kuyeretsa zithunzi zawo: kuchotsa zinthu zongoti mbwee kumbuyo, kufufuta fumbi ndi kuchotsa dzanja logwirizira katundu.

Ntchito zitatuzi zimaoneka zofanana chifukwa zonse zimachitika ndi chala pa sikirini ya foni, koma kulemera kwake n'kosiyana. Kuchotsa zakumbuyo n'kosavuta ndipo sikunamiza munthu. Kufufuta fumbi kumafuna kusiyanitsa fumbi lenileni ndi chilema cha katundu. Kuchotsa dzanja ndiko kovuta koposa, ndipo ndiko kumene wamalonda woona mtima angathe kunamiza wogula iye mwini osazindikira.

Foni siiona zimene kamera sinajambule

Musanayambe kufufuta kanthu, ndi bwino kumvetsa chimene pulogalamu ya pafoni imachita ikauzidwa kuti ichotse chinthu. Chithunzi ndi timadontho tambirimbiri ta mitundu, totchedwa mapikiselo, toyalidwa pamalo athyathyathya. Kuseri kwa jumbo imene yagwera m'chithunzi kulibe dothi lobisika loti lingaonekere jumboyo ikachotsedwa, monga momwe zimakhalira munthu akaitola pansi. Kamera sinalione dothilo, choncho m'chithunzimo mulibe.

Chimene pulogalamu imachita ndi kudzaza malo ofufutidwawo ndi zinthu zongoyerekeza. Zida zina, monga Healing ya mu pulogalamu yaulere ya Snapseed, zimatapa mtundu ndi maonekedwe a malo oyandikana nawo n'kumata pa bowolo, ngati mmisiri womata khoma ndi dothi la pomwepo. Zida zina zatsopano, monga Magic Eraser ya mu Google Photos, imene kampani ya Google inaitsegulira anthu ambiri kwaulere mu 2024, zimayang'ana chithunzi chonse n'kupeka chimene chiyenera kukhala pamenepo. Njira ziwirizi zimasiyana luso, koma zonse zimapereka chinthu chimene kamera sinajambule.

Apa ndi pamene pagona lamulo la ntchito yonseyi. Ngati malo odzazidwawo ndi pansi, khoma kapena pepala, palibe wolakwiridwa, poti wogula sakugula pansipo. Koma ngati malowo ali pa katundu weniweniyo, ndiye kuti chidutswa cha katundu amene wogula akuona n'chopeka. Choncho chilichonse chimene sichidzakwera galimoto kupita kwa wogula chikhoza kufufutidwa, koma chilichonse chimene chidzafike naye m'thumba chiyenera kusiyidwa momwe chilili.

Kuchotsa zakumbuyo

Chitsanzo chabwino ndi cha mayi wogulitsa kachewere pa Lizulu amene akufuna kuika malonda ake pa Catalog ya WhatsApp Business. Wajambula ndowa ya malita 20 yodzaza mbatata ili pa chiguduli. Pachithunzipo pakuoneka ndowayo pakati, koma kumanzere kuli mwendo wa munthu wodutsa, kumtunda kuli minibasi ndi nambala yake, ndipo pafupi ndi ndowa pali jumbo yakuda ndi makoko a nzimbe.

Chida choyamba si chofufutira ayi, koma chodulira, chimene pa sikirini chimalembedwa kuti Crop. Kudula kumataya m'mphepete mwa chithunzi popanda kupeka kalikonse, motero ndi njira yoyera kuposa zonse. Kamera ya mamegapikiselo 13, yomwe imapezeka m'mafoni ambiri otsika mtengo, imatulutsa chithunzi cha mapikiselo pafupifupi 4160 m'litali ndi 3120 m'lifupi. Mayiyu akasankha muyeso wa 1:1, womwe ndi wa mbali zinayi zofanana, n'kupanikiza mpaka ndowa itadzaza chithunzi, akhoza kutsala ndi mapikiselo pafupifupi 2000 mbali iliyonse. Amenewa ndi okwanira ndithu pa foni ya wogula, ndipo mwendo uja ndi minibasi zapita popanda kufufuta.

Kuchotsa anthu ndi magalimoto kuli ndi phindu lina kuwonjezera pa kukongoletsa. Munthu wodutsa sanavomere kuti nkhope yake iyende m'magulu a malonda, ndipo nambala ya galimoto ya eni kapena nambala ya foni yolembedwa pa benchi ya mnansi siziyenera kufalitsidwa ndi munthu wina.

Zotsala ndi jumbo ndi makoko a nzimbe, zomwe zili pafupi kwambiri ndi ndowa moti sizingadulidwe. Apa ndi pofunika Healing. Chidachi chilibe posinthira kukula kwa chofufutira. Munthu amakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, ndipo chithunzi chikakula, malo amene chala chikukhudza amachepa. Khoko lililonse la nzimbe limachoka ndi kukhudza kamodzi kapena kawiri, chifukwa mozungulira monse muli dothi lofanana. Jumbo ndi yaikulu, choncho imafunika kuidya pang'onopang'ono kuyambira m'mphepete kulowa m'kati, m'malo moikhwatcha yonse nthawi imodzi. Ikakhwatchidwa kamodzi, pulogalamu imasowa dothi lokwanira loti itape, ndipo imatha kutenga chidutswa cha ndowa kapena cha chiguduli n'kuchimata pansi.

Vuto lalikulu limabuka pamene jumboyo yagundana ndi ndowa. Pamalire oterewa chidachi chimasakaniza mbali ziwirizo, ndipo m'mphepete mwa ndowa mumaoneka ngati mwasungunuka. Zikatero, ndi bwino kubweza ndi kabatani ka Undo, kukulitsanso chithunzi kwambiri, n'kufufuta motsata mzere wa ndowayo osaukhudza. Kachidutswa kakang'ono ka jumbo kotsalira sikaipitsa chithunzi monga momwe ndowa yopindika imachitira.

Pali njira ina yachidule: mapulogalamu monga Photoroom ndi tsamba la remove.bg amazindikira okha katundu, kumudula, n'kumuika pa malo oyera. Misika ikuluikulu ya kunja inazolowera maonekedwe amenewa. Mwachitsanzo, Amazon imafuna kuti chithunzi choyamba cha katundu chikhale ndi kumbuyo koyera kotheratu ndipo katunduyo adzaze magawo 85 pa 100 a chithunzicho. Njirayi imayenda bwino pa zinthu za m'mphepete mosalala monga botolo, nsapato kapena ndowa. Imapunthwa pa masamba a anyezi, pa dengu loluka la timipata ndi pa mulu wa mbatata umene mtundu wake ukufanana ndi dothi la pansi. Nthawi zina imadya mbatata za m'munsi poziyesa dothi, kapena kusiya kadothi m'kati mwa chogwirira cha ndowa. Komanso imachotsa mthunzi wa pansi, ndipo ndowa yolemera imaoneka ngati ikuyandama m'malere. Zambiri mwa zida zoterezi zimafunanso intaneti, pomwe Snapseed imagwira ntchito ngakhale bandulo itatha.

Fumbi lili mitundu itatu

M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, katundu woyalidwa m'mbali mwa msewu amachita fumbi m'kanthawi kochepa. Koma sikuti chilichonse chooneka ngati fumbi pa chithunzi chimachotsedwa ndi njira imodzi.

Mtundu woyamba ndi wa pa galasi la kamera. Foni yokhala m'thumba kapena m'chitenje imatenga thukuta, mafuta a m'manja ndi fumbi. Chifukwa galasilo ndi laling'ono kwambiri, litsiro silioneka ngati madontho, koma ngati chifunga chophimba chithunzi chonse, ndipo malo owala amatulutsa mizere. Chizindikiro chake n'chakuti zithunzi zonse za tsikulo zimakhala zotuwa mofanana, ngakhale katundu asinthe. Palibe chofufutira chimene chingathetse zimenezi. Mankhwala ake ndi kupukuta galasilo ndi kansalu kofewa kouma n'kujambulanso.

Mtundu wachiwiri ndi fumbi logwera pa katundu amene mwachibadwa ndi woyera: kunja kwa ndowa, pa botolo la uchi, pa nsapato yakuda ya kaunjika. Ili ndi fumbi lovomerezeka kuchotsa, chifukwa wogula akhoza kulipukuta ndipo katundu sasintha. Komabe nsalu yonyowa imachita m'mphindi imodzi ntchito imene chala chingachite pa sikirini kwa theka la ola. Healing imathandiza pa timadontho tapatalipatali totsalira, makamaka pa zinthu zakuda ndi zonyezimira pomwe kachitsotso kalikonse kamaonekera. Fumbi lokuta chinthu chonse silifufutika, poti palibe malo oyera oti pulogalamu itapepo.

Ndi bwinonso kudziwa polekera. Chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse, WhatsApp imachichepetsa kufika pa mapikiselo pafupifupi 1600 kumbali yaitali, ndipo wogula amachiona pa sikirini yokwana m'dzanja. Kadontho kamene kakuoneka pokhapokha chithunzi chitakulitsidwa kanayi sikadzaoneka kwa iye. Choncho wamalonda ayang'ane chithunzi pa kukula kwake kwa nthawi zonse, afufute zimene diso likukodwa nazo, n'kusiya zotsalazo.

Mtundu wachitatu ndi umene si fumbi konse, koma mbali ya katunduyo. Pa kachewere, dothi lomatirira ku khungu ndi la mtundu umenewu. Alimi ndi opikula sakonda kutsuka mbatata yopita kutali chifukwa yonyowa siichedwa kuola. Ngati mbatata idzatumizidwa ndi dothi lake, chithunzi chiyenera kuonetsa dothilo. Kuifufuta mpaka ioneke yosalala ngati ya m'sitolo ndi kulonjeza katundu wina.

Choopsa kwambiri ndi timadontho tofanana ndi litsiro koma tili zilema. Pa mbatata pamakhala timabowo takuda ta mbozi imene imaboola njira m'kati, mabala a khasu, malo ofewa oyamba kuola, ndi mawanga obiriwira. Kubiriwirako kumadza mbatata ikakhalitsa pa kuwala, ndipo kumayendera limodzi ndi poizoni wotchedwa solanini, amene amawawitsa mbatata ndipo amadwalitsa akachuluka. Wokazinga tchipisi amayenera kusenda mozama kapena kutaya mbatata yotero, choncho kwa iye banga lililonse ndi ndalama yotayika. Pa sikirini, kabowo ka mbozi ndi kambulu ka dothi zimachoka ndi kukhudza kumodzi komweko, ndipo foni siisiyanitsa. Woyenera kusiyanitsa ndi mwini katundu, ndipo muyeso wake ndi wapafupi: apite pa katundu weniweniyo apukute. Chimene chachoka ndi nsalu chikhoza kuchokanso pa chithunzi. Chimene chakana nsalu chikhale, kapena mbatata yolumalayo ichotsedwe m'ndowa momwe, osati pa chithunzi pokha.

Dzanja limabisa, komanso limayeza

Pofuna kuonetsa ubwino wa katundu wake, mayi uja watenganso chithunzi chachiwiri: mbatata imodzi yaikulu ili m'dzanja lake lamanzere, foni ili kumanja. Ichi n'chizolowezi cha amalonda ambiri, ndipo n'chomveka, chifukwa pamsika palibe tebulo loyera loikapo katundu. Koma dzanjalo likafuna kuchotsedwa, pamabuka mavuto atatu.

Loyamba ndi la malo obisika. Chala chachikulu chagona pamwamba pa mbatata, zala zinayi zaikumbatira m'mphepete. Zikafufutidwa, pulogalamu imayenera kupeka khungu la pansi pa chala chachikulu ndi kujambula m'mphepete mwa mbatata momwe munali zala zinazo. Imapeka khungu losalala ngakhale pansipo panali bala la khasu. Imathanso kusintha maumbidwe a mbatatayo, kuidula ngodya kapena kuinenepetsa. Pa kachewere wa khungu lofiirira, monga wa mtundu wa Rosita, wokhala ndi dothi, mtundu wa mbatata ndi wa khungu la munthu zimayandikana, moti pulogalamu yodula yokha imasiya nsonga ya chala poiyesa mbatata. Pa katundu wolembedwa, monga botolo la chizindikiro, chala chikaphimba zilembo, zopekedwazo zimatuluka zokhotakhota zosawerengeka.

Lachiwiri ndi la zotsalira za dzanja. Dzanja limaponya mthunzi pa katundu, ndipo pa zinthu zonyezimira monga poto watsopano kapena sikirini ya foni yogulitsa limaonekeramo ngati pa kalilole. Zala zikachoka koma mithunzi yake inayi n'kutsala, wogula watcheru amadziwa kuti chithunzi chakonzedwa, ndipo amayamba kudzifunsa kuti china chimene chachotsedwa n'chiyani.

Lachitatu ndi limene ambiri saliganizira. Dzanja ndi muyeso. Mwini chiwaya amafuna mbatata zikuluzikulu chifukwa zimatulutsa tchipisi chachitali ndipo sizitaya zambiri posenda. Akaona mbatata itadzaza chikhatho, amadziwa kukula kwake. Dzanja likachoka n'kutsala mbatata yokha pa malo oyera, ya kukula ngati dzira ndi ya kukula ngati chibakera zimaoneka chimodzimodzi, poti iliyonse yadzaza chithunzi. Kuyeretsa kotero kwachotsa uthenga umene wogula ankaufuna koposa.

Dzanjalo nalo silinena zoona nthawi zonse. Kamera ya foni imakulitsa chinthu chimene chili pafupi nayo. Mbatata yotambasulidwira ku kamera, ndowa ili patali kumbuyo, imaoneka yaikulu kuposa momwe ilili. Ndiponso manja a anthu ndi osiyana: mbatata yodzaza dzanja la mwana siidzaza la bambo wake.

Pa zifukwa zimenezi, njira yodalirika yochotsera dzanja ndi kulichotsa kamera isanajambule. Pepala limodzi lalikulu loyera, longa limene ana a sukulu amajambulapo, likhoza kutsamiritsidwa ku khoma, theka lake litagona pansi ndipo theka lina litakwera khomalo mopindika bwino. Katundu woikidwa pamenepo amakhala ndi kumbuyo koyera kopanda mzere, ndipo mthunzi wake weniweni umatsala pansi pake. Mbatata yogubuduka imaima ikatsamira kamwala kobisika kuseri kwake. Nsapato imaima yokha ikapakiridwa nyuzipepala, malaya amakolekedwa pa hang'ala, ndipo mkanda umalendewera pa ulusi woonda umene umafufutika mosavuta chifukwa umabisa malo ochepa kwambiri.

Ngati katundu sangaime popanda kugwiridwa, agwiridwe mokonzekera kufufuta: ndi nsonga za zala ziwiri, kumunsi kapena kuseri, kuti dzanja likhudze m'mphepete mokha osaphimba nkhope ya katunduyo. Dzanja lolowa kuchokera pansi pa chithunzi nthawi zambiri limachoka ndi Crop yokha. Ndipo ngati zala zaphimba malo aakulu, ndi bwino kungolisiya dzanjalo. Dzanja losamba, logwira katundu mwaulemu, silinathawitsepo wogula.

Muyeso umene dzanja linkapereka uyenera kubwezeredwa ndi chinthu chosasintha. Rula ya ana a sukulu ndiyo yabwino koposa, koma bokosi la machesi, lomwe kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 5, limadziwika ndi aliyense. Liikidwe pambali pa katundu, pa mtunda wofanana kuchokera ku kamera, osati kutsogolo kapena kumbuyo kwake. Wojambula aime patali pang'ono, ngati theka la mita kapena kupitirira, kuti kamera isakulitse za pafupi.

Momwe ntchito yonse ingayendere

Mayi wa pa Lizulu uja akatsata zonsezi, ntchito yake imayamba foni isanatuluke m'thumba. Amasankha mbatata zisanu m'ndowa imene akugulitsa: osati zazikulu zokhazokha za pamwamba, koma yaikulu, zapakati ndi yaing'ono, monga momwe ndowayo yasakanikirana. Amapukuta kunja kwa ndowa ndi galasi la kamera, n'kuyala pepala lake pa khonde pomwe pali mthunzi wosalala. Dzuwa la masana limabweretsa mithunzi yakuda yovuta kufufuta, pansi pa mtengo pamakhala mawangamawanga a kuwala, ndipo lona ya buluu yofolera benchi imapaka mtundu wake pa katundu yense.

Amajambula zithunzi zitatu. Choyamba ndi ndowa yodzaza, chachiwiri ndi mbatata zisanu zija zili pamzere pamodzi ndi bokosi la machesi, ndipo chachitatu ndi mbatata imodzi yodulidwa pakati kuti m'kati muoneke. Pa foni amayamba ndi Crop, chifukwa palibe nzeru kufufuta zinthu zimene zidzadulidwe. Kenaka amakonza mtundu ndi White Balance mpaka pepala lioneke loyera monga lilili, popeza pepala likakhala loona, mtundu wa mbatata umakhalanso woona. Pomaliza amagwiritsa Healing pa timadothi togwera pa pepala, osakhudza mbatata.

Posunga, asankhe njira yotulutsa chithunzi chatsopano n'kusiya choyambacho chili chomwecho. Pali zifukwa ziwiri. Chithunzi cha mtundu wa JPEG chimataya ubwino pang'ono nthawi iliyonse chikakonzedwa n'kusungidwanso, choncho kukonza kulikonse kuyambire pa choyambirira, osati pa chimene chabwerera kuchokera pa WhatsApp kapena chojambulidwa pa sikirini. Chachiwiri, chithunzi chosakonzedwa ndi umboni wogula akadzadandaula. Potumiza kwa wopikula wofuna kuona bwino, batani la HD, limene WhatsApp inayambitsa mu 2023, limasunga mapikiselo ochuluka, ndipo kutumiza ngati Document kumapereka chithunzi chonse chosachepetsedwa, ngakhale kumadya bandulo yambiri.

Zizindikiro za chithunzi chokonzedwa mopyola

Wogula wa m'tauni nayenso akhoza kudziteteza pongokulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Pa mulu wa mbatata kapena tomato, ayang'ane ngati palibe ziwiri zofanana ndendende, zokhala ndi banga limodzi pa malo amodzi. Zikapezeka, ndiye kuti china chinamatidwa pobisa kanthu. Ayang'ane malo osalala ngati opaka sopo pakati pa khungu lokhakhala, chifukwa chofufutira chimapha timizere ta chibadwa. Ayang'ane m'mphepete mwa katundu ngati mulibe kamzere ka mtundu wina kotsalira ku dzanja kapena ku dothi, ndiponso mizere yowongoka, monga mlomo wa ndowa kapena msoko wa thumba, ngati siinakhote mwadzidzidzi.

Zizindikirozi sizitanthauza kuti wogulitsa ndi wakuba. Kawirikawiri zimangoonetsa dzanja losazolowera. Koma zikaoneka pa katundu weniweniyo osati kumbuyo kwake, wogula ali ndi chifukwa chopempha chithunzi chosakonzedwa kapena kavidiyo kakafupi ka mbatata ikukhuthulidwa m'ndowa, asanatumize ndalama. Kavidiyo kotero kamaonetsanso zimene zili pansi pa ndowa, zomwe chithunzi cha pamwamba sichionetsa. Akale anachenjeza kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhaniyi ili ndi mbali ya malamulo. Lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa kutsatsa malonda monyenga, ndipo lamulo latsopano la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024 linawonjezera mphamvu za bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula. Chithunzi ndi mbali ya kutsatsa monga momwe mawu alili, choncho banga lofufutidwa ndi chala silisiyana ndi bodza lolembedwa. Misika ya kunja nayo imasamala za zomwezi: eBay salola kuti katundu wogwiritsidwapo kale ntchito atsatsidwe ndi chithunzi cha ku fakitale, koma cha chinthu chenichenicho chimene chikugulitsidwa.

Komabe kwa wamalonda wa pa Lizulu, pa Tsangano kapena pa Kampepuza, chilango chimafika msanga kuposa kalata ya bungwe. Thumba la kachewere likafika ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndalama ya galimoto yalipidwa kale, ndipo kulibweza n'kutaya ndalama inanso pa katundu wosachedwa kuonongeka. Wogula wokhumudwa amadula mtengo pa foni, kapena amajambula mbatata zobiriwirazo n'kuziika m'gulu lomwelo la WhatsApp momwe anaonera chithunzi chosalala chija, ndipo opikula ena onse amaona zithunzi ziwirizo zili moyandikana. Wogulitsa amene anafufuta jumbo, makoko a nzimbe ndi minibasi zokha alibe choopa pa kuyerekeza kotero, chifukwa mbatata ya pa chithunzi ndi yomweyo imene yatuluka m'thumba.